Amuna pa Akazi 100, Anthu pa Khomo Limodzi: Kawerengedwe ka Ndandanda za Kalembera

Mphunzitsi akatsegula buku la kalembera wa anthu a m'Malawi, amapeza ndandanda yaitali ya maboma, kuyambira Chitipa kumpoto mpaka Nsanje kumwera. Pambali pa dzina la boma lirilonse pali manambala akuluakulu a anthu onse, a amuna ndi a akazi. Koma palinso manambala awiri ang'onoang'ono amene ambiri amawadumpha. Ina imakhala pafupi ndi 100, monga 90 kapena 94.2, ndipo inayo kawirikawiri imakhala pakati pa 4 ndi 5, monga 4.4. Popeza mabukuwa amalembedwa m'Chingerezi, pamwamba pa mzere wotsika wa nambala yoyamba pamalembedwa kuti Sex Ratio, ndipo pamwamba pa yachiwiri pamalembedwa kuti Average Household Size. Yoyamba inena za amuna amene alipo pa akazi 100 alionse. Yachiwiri inena za anthu amene akadakhala pa khomo lirilonse anthu a m'bomalo akadagawidwa mofanana m'makomo onse.

Manambala awiriwa sadawerengedwe pakhomo pa munthu aliyense. Mlembi wa kalembera adawerenga anthu, mmodzimmodzi. Manambala awiriwa adatuluka pambuyo pake, mwa masamu a kugawa. Chotero amene afuna kuwamvetsa ayenera kudziwa chimene chidagawidwa, ndi anthu amene adalowa kapena kutsala kunja kwa chiwerengerocho. Ayeneranso kuwawerenga onse awiri pamodzi, pakuti ina imamasulira inzake.

Muyeso wa amuna ndi akazi

Kalembera wa 2018, amene adachitika m'mwezi wa Seputembala, adapeza anthu 17,563,749. Mwa iwowa amuna adali 8,521,460 ndipo akazi adali 9,042,289. Mawu akuti amuna ndi akazi pano aphatikiza misinkhu yonse, kuyambira khanda la dzulo mpaka nkhalamba yoyenda ndi ndodo. Muyeso wake upezeka motere: chiwerengero cha amuna chigawidwe ndi chiwerengero cha akazi, ndipo yankho lichulukitsidwe ndi 100.

8,521,460 ÷ 9,042,289 × 100 = 94.2

Ndiko kunena kuti pa akazi 100 alionse padali amuna 94. Muyeso ukakhala 100, amuna ndi akazi ali olingana. Ukapitirira 100, amuna ndiwo achuluka. Ukachepera 100, akazi ndiwo achuluka.

Pamenepa ndi pamene pali kuphonya koyamba. Ophunzira ambiri akaona 94.2 amaganiza kuti mwa anthu 100 alionse, 94 ndi amuna. Ena, pozindikira kuti zimenezo sizingatheke, amatembenuza nati akazi ndiwo 94 ndipo amuna ndi 6 okha. Onse awiri aphonya, pakuti 100 wa m'muyesowu si anthu onse, koma akazi okha. Wowerenga aone ngati pabwalo paimirira akazi 100 mbali ina, ndi amuna 94 mbali inayo. Onse pamodzi ndi anthu 194. Tsono gawo la amuna ndi 94 mwa 194, ndiwo anthu 48 kapena 49 mwa 100 alionse, ndipo akazi ndi 51 kapena 52.

Kudziwa zimenezi kumawongola mawu amene amamveka kawirikawiri m'midzi, akuti akazi achuluka kwambiri m'dziko kotero kuti mwamuna mmodzi angayang'anizane ndi akazi atatu kapena anayi. Zoona, akazi adaposa amuna ndi 520,829, ndipo nambala imeneyo payokha imaoneka yaikulu. Koma ikaikidwa pambali pa anthu oposa 17 miliyoni, itanthauza kuti pa akazi 17 alionse pali amuna 16. Ndipo monga kudzaoneka m'munsimu, ambiri a akazi otsalawo si atsikana, koma amayi a msinkhu ndi agogo.

Kuwerenga mzere wa boma limodzi

Boma la Thyolo lidali ndi anthu 721,456 mu 2018, ndipo muyeso wake udali pafupifupi 90. Mzinda wa Blantyre, umene uli pafupi ndi Thyolo, udali ndi anthu 800,264, ndipo muyeso wake udali pafupifupi 100. Malo awiriwa alumikizidwa ndi msewu umodzi, koma asiyana ndi amuna 10 pa akazi 100 alionse.

Munthu atha kubwezera muyeso wa Thyolo ku anthu enieni ngakhale atakhala kuti alibe mizere ya amuna ndi akazi. Pagulu lirilonse la anthu 190, amuna ndi 90 ndipo akazi ndi 100. Akagawa 721,456 ndi 190 apeza magulu otere pafupifupi 3,797. Pa gulu lirilonse akazi aposa ndi 10. Chotero m'boma lonse akazi aposa amuna ndi pafupifupi 38,000. Popeza 90 ndi nambala yozungulizidwa, yankho lenileni lingasiyane ndi ili pang'ono, koma kukula kwake ndi komweko.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti: amuna zikwi makumi atatu ndi mphambu amenewa ali kuti? Pali mayankho anayi okha otheka. Mwina sadabadwe, mwina adamwalira, mwina adachoka, mwina alipo koma sadawerengedwe.

Yankho loyamba ligwa msanga. Pa dziko lonse lapansi ana aamuna amabadwa ochulukirapo pang'ono kuposa ana aakazi, pafupifupi 103 kufikira 105 pa atsikana 100. Palibe boma limene amayi ake amabereka atsikana okhaokha. Yankho lachiwiri liri ndi mbali yake, pakuti amuna amafa msanga kuposa akazi pa misinkhu yambiri, ndipo chifukwa cha ichi muyeso umatsika pang'onopang'ono kuchoka pa makanda kupita kwa nkhalamba. Koma imfa yotere ichitika m'maboma onse, ndipo singathe payokha kulekanitsa Thyolo ndi Blantyre ndi amuna 10. Chimene chimalekanitsa maboma kwambiri ndi yankho lachitatu, ndilo ulendo. Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ndi maboma a anthu ambiri ndi minda yochepa, ndipo kwa mibadwo amuna akhala akutuluka kukafuna ntchito. Mwamuna wochoka ku Thyolo kukakhala ku Ndirande amatsitsa muyeso wa kwawo, nakweza wa mzinda. Yankho lachinayi silisowa konse: mnyamata wogona kumsika, msodzi wa panyanja ndi mlonda wa usiku ndiwo anthu amene mlembi amawaphonya mosavuta kuposa mayi amene ali pakhomo ndi ana. M'maiko ambiri amuna a msinkhu wogwira ntchito ndiwo amatsala kwambiri pa kalembera.

Umboni wa zaka zakale

Mbiri ya dziko lonse ionetsa mphamvu ya ulendo momveka. Pa kalembera wa 1966, amene adapeza anthu 4,039,583, muyeso wa Malawi yense udali 90. Nthawi imeneyo amuna ambiri adali ku migodi ya ku Joni kudzera mwa Wenela, ndi ku mafamu ndi matauni a ku Rhodesia, dziko limene tsopano ndi Zimbabwe. Mu Epulo 1974 ndege yobweza anthu a ku migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, nipha Amalawi oposa 70, ndipo Dr. Banda adaletsa Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko muno. M'zaka ziwiri zotsatira amuna oposa 100,000 adabwerera kwawo. Pa kalembera wa 1977 muyeso udakwera kufika pa 93.

Masamu ake ayenera kuyesedwa. Mu 1977 akazi adali pafupifupi 2,874,000. Amuna 100,000 akagawidwa ndi nambala imeneyi, ndipo yankho likachulukitsidwa ndi 100, patuluka 3 ndi theka. Kukwera kochoka pa 90 kufika pa 93 kugwirizana bwino ndi kubwerera kwa anthu a ku migodi, ngakhale padalinso zina zimene zidachitika m'zaka khumi ndi chimodzi zimenezo. Pambuyo pake muyeso udali 94 mu 1987, 96 mu 1998, 95 mu 2008, ndi 94 mu 2018. Wowerenga wanzeru akaona muyeso ukuyenda chotere safunsa za mimba za amayi, koma za misewu imene amuna adatsata: ya ku mizinda, ya ku maesiteti a fodya a ku Kasungu ndi Mchinji, ndi ya ku maiko akunja.

Njira yotsimikizira: misinkhu

Muyeso wa boma lonse umabisa zambiri, pakuti umasakaniza ana, akulu ndi nkhalamba m'mphika umodzi. Njira yotsimikizira chifukwa chake ndiyo kutsegula ndandanda ina, imene imagawa anthu m'misinkhu ya zaka zisanuzisanu, ndi kupeza muyeso wa msinkhu uliwonse paokha.

Chitsanzo chongoyerekeza chithandiza. Pakhale mudzi wa makomo 50, wokhala ndi amuna 100 ndi akazi 120. Muyeso wake ndi 100 ÷ 120 × 100, ndiwo 83. Anthu akagawidwa m'misinkhu itatu, papezeka izi. Ana osafika zaka 15 ndi anyamata 50 ndi atsikana 50, ndipo muyeso wawo ndi 100. A zaka 15 kufikira 49 ndi amuna 40 ndi akazi 55, ndipo muyeso wawo ndi 73. A zaka 50 ndi kupitirira ndi amuna 10 ndi akazi 15, ndipo muyeso wawo ndi 67. Tsono nkhani yaonekera poyera. Mwa akazi 20 otsala, 15 ali pa msinkhu wogwira ntchito, amene amuna awo ali paulendo, ndipo 5 ndi okalamba, amene amuna awo adatsogola. Mwa ana mulibe kusiyana konse.

Ichi chikhudza mphunzitsi pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. M'maboma onse, ngakhale amene muyeso wake ndi 90, ana a msinkhu wa pulayimale ali pafupifupi olingana, anyamata ndi atsikana. Chotero ngati m'kaundula wa Sitandade 8 muli anyamata 30 ndi atsikana 18, kalembera sangamuthandize mphunzitsi kunena kuti atsikana ndi ochepa m'dera limenelo. Atsikana 12 osowawo alipo m'midzi, ndipo ayenera kufunsidwa ndi maina awo. Momwemonso, ngati atsikana ndiwo achuluka kwambiri m'kalasi, mphunzitsi asathamangire kunena kuti ndi chifukwa chakuti boma lake liri ndi akazi ambiri. Afunse kumene anyamata apita, kaya ndi kunyanja, kubusa kapena ku maganyu.

Khomo ndi chiyani pa kalembera

Nambala yachiwiri ipezeka mwa kugawa anthu ndi makomo. Mu 2018 makomo adali pafupifupi 3,985,000.

17,563,749 ÷ 3,985,000 = 4.4

Palibe khomo la anthu anayi ndi chidutswa. Kadonthoko katanthauza kuti pa makomo 10 alionse pali anthu 44, ndipo ana amamva msanga akauzidwa chotero.

Koma pamafunika kusamala ndi mawu akuti khomo. Pa kalembera, khomo si banja monga mwa chibale, ndiponso si nyumba monga mwa zipupa. Ndi munthu mmodzi kapena anthu angapo, achibale kapena ayi, amene amakhala pamodzi ndi kudya za mphika umodzi. Anyamata ogona m'mphala kapena m'gowelo, amene amadya nsima ya amayi awo, ali a khomo la amayi awo ngakhale nyumba ziri ziwiri. Gogo wokhala pafupi ndi mwana wake wamkazi, koma wokhala ndi nkhokwe yake ndi mafuwa ake, ndi khomo payekha ngakhale bwalo liri limodzi. Ku Ndirande nyumba imodzi ya zitseko zinayi ingakhale ndi makomo anayi. Mwana wa mlongo woleredwa pakhomo, ndi wantchito wogona ndi kudya pomwepo, amalowa m'chiwerengero; mwana wobadwa pakhomopo amene adakwatiwa kutali salowa. Ndipo mwamuna wa mitala awerengedwa kamodzi kokha, ngakhale akazi ake aphika padera.

Pachifukwa ichi avereji ya khomo siuza munthu ana amene mayi amabereka. Mayi wa ana asanu ndi awiri amene onse adakula nachoka, ndi khomo la munthu mmodzi.

Palinso anthu amene sali pa khomo lirilonse: a m'ndende, a m'zipinda zogona za sukulu ndi makoleji, a m'misasa ya asilikali. Iwowa amawerengedwa m'chiwerengero cha anthu, koma ayenera kuchotsedwa asanagawe ndi makomo. Pa dziko lonse iwo ndi ochepa ndipo sasuntha 4.4. Koma pa malo aang'ono okhala ndi ambiri otere, monga mzinda wa Zomba, kumene kuli ndende yaikulu, msasa wa asilikali ndi yunivesite, wophunzira wogawa anthu onse ndi makomo angapeze yankho losiyana ndi losindikizidwa, ndipo asaganize kuti bukulo lalakwa.

Chimene avereji imabisa

Mudzi wongoyerekeza uja udali ndi anthu 220 m'makomo 50, ndipo avereji yake ndi 4.4, yofanana ndi ya dziko. Pakhale kuti makomowo agawika motere: 8 ali ndi munthu mmodzi, 10 ali ndi anthu awiri, 12 ali ndi anayi, 12 ali ndi asanu ndi mmodzi, ndipo 8 ali ndi asanu ndi anayi. Kuphatikiza anthu, 8 ndi 20 ndi 48 ndi 72 ndi 72, patuluka 220. Makomo aakulu, a anthu 6 ndi 9, ndi 20 okha mwa 50. Koma m'menemo mukhala anthu 144 mwa 220. Ndiko kuti makomo aakulu ndi ochepera theka, koma anthu okhalamo ayandikira magawo awiri mwa atatu.

Ichi chimasulira chinthu chimene chimadabwitsa aphunzitsi ambiri. Mphunzitsi amalemba 4.4 pa bolodi, nafunsa ana kuti kwawo alipo angati. Mayankho amabwera 6, 7, 5, 9, ndipo avereji ya kalasi imapitirira 4.4 kutali. Ana amayamba kukayika kalembera. Koma kalembera sadaname, ndipo ana sadaname. Khomo la gogo wokhala yekha liribe mwana m'kalasi woti aliyankhulire, pamene khomo la anthu 9 lingakhale ndi ana awiri m'kalasi momwemo, ndipo limvedwa kawiri. Kufunsa ana ndi kuwerenga makomo okhala ndi ana okha. Mphunzitsi wodziwa ichi atha kusandutsa kukayikako kukhala phunziro, potuma ana kuti aliyense akawerenge makomo asanu oyandikana ndi kwawo, osadumpha la gogo kapena la mbeta.

Kuwerenga manambala awiri pamodzi

Avereji ya khomo m'Malawi idali 4.0 mu 1987, 4.3 mu 1998, 4.6 mu 2008, ndi 4.4 mu 2018. Mu 2018 chigawo cha kumpoto chidali ndi 4.8, cha pakati 4.4, ndi cha kumwera 4.3. Nambala ikatsika kapena ikasiyana chotere, pangakhale zifukwa zingapo, ndipo muyeso wa amuna ndi akazi ndiwo uthandiza kuzisiyanitsa.

Mudzi uja ubwererenso. Pakhale kuti kale udali ndi amuna 115 ndi akazi 120, onse pamodzi 235, m'makomo 50. Muyeso udali 96 ndipo avereji ya khomo idali 4.7. Amuna 15 atapita kukafuna ntchito, makomo sadachepe, pakuti akazi awo adatsala ndi ana pa malo omwewo. Muyeso udagwa kufika pa 83, ndipo avereji idatsika kufika pa 4.4. Manambala onse awiri adatsikira pamodzi, ndipo ichi ndi chizindikiro cha amuna ochoka okha.

Koma pakhale kuti palibe adachoka, kungoti mabanja aang'ono asanu, amene ankadya ndi makolo, apatsidwa mafuwa awo. Anthu akadali 235, koma makomo tsopano ndi 55. Avereji itsika kufika pa 4.3, pamene muyeso ukhala pa 96 pomwepo. Apa khomo lachepa popanda munthu mmodzi kuchoka m'mudzi. Chimodzimodzi ngati amayi ayamba kubereka ana ochepa: khomo lichepa, koma muyeso susuntha kwenikweni, pakuti ana osabadwawo akadakhala anyamata ndi atsikana pafupifupi molingana. Ndipo ngati mabanja athunthu asamuka, mwamuna, mkazi ndi ana, manambala onse awiri angakhale monga adaliri, ngakhale mudzi wachepa. Kusamuka kotere kumaoneka pa chiwerengero cha anthu onse chokha.

Wowerenga akabwerera ku ndandanda ya maboma ndi maso amenewa, amaona kuti maboma a kumwera monga Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu ali ndi muyeso wotsika ndi makomo ang'ono, monga mudzi umene amuna ake adachoka. Kumpoto makomo ndi aakulu ngakhale kuti nakonso amuna amapita kutali, monga a ku Mzimba opita ku Joni. Apa mwambo uli ndi mbali yake. Kumene mkazi amapita kukakhala kwa mwamuna, mpongozi ndi ana ake angathe kutsala pa khomo la apongozi, mphika nukhala umodzi. Kumene kuli chikamwini, mkazi ali pa nthaka ya amayi ake, ndipo kawirikawiri amasunga khomo lakelake. Ndandanda payokha sitsimikiza chifukwa chotere. Imangoloza kumene wofufuza ayenera kukafunsa.

Misampha inayi ya m'ndandanda

Msampha woyamba ndi kuphatikiza ma avereji. Wophunzira akaphatikiza 4.8, 4.4 ndi 4.3 nagawa ndi 3, apeza 4.5, pamene buku linena 4.4. Cholakwa ndi chakuti zigawo sizilingana kukula: kumpoto kudali anthu 13 okha mwa 100 alionse a m'dziko, pakati 43, ndi kumwera 44. Kupatsa kumpoto liwu lofanana ndi kumwera ndiko kukweza yankho. Avereji ya maboma angapo ipezeka mwa kuphatikiza anthu onse, kuphatikiza makomo onse, ndi kugawa kamodzi kokha. Lamulo lomweli ligwira pa muyeso wa amuna ndi akazi.

Msampha wachiwiri ndi kuiwala kukula kwa boma. Likoma idali ndi anthu 14,527 mu 2018, pamene Mangochi idali ndi 1,148,611. Amuna 200 akafika ku Likoma, muyeso ukwera ndi pafupifupi 3. Amuna 200 omwewo akafika ku Mangochi, muyeso susuntha ngakhale ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Chotero kusintha kwakukulu pa boma laling'ono kungachokere kwa anthu okwana m'sitima imodzi.

Msampha wachitatu ndi malire. Maboma a m'Malawi ndi 28, koma m'ndandanda mizere imaposa pamenepo, pakuti mizinda ya Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba imalembedwa padera ndi midzi yozungulira. Amene atenga mzere wa Blantyre wa kumidzi naganiza kuti watenga mzinda, adzanena zosiyana ndi zoona. Ndiponso pa kalembera wa 1987 maboma adali 24: Phalombe adali m'Mulanje, Balaka m'Machinga, Neno m'Mwanza, ndi Likoma m'Nkhata Bay. Mulanje wa 1987 si Mulanje wa 2018, ndipo woyerekeza zaka ziwirizi ayenera kubwezera Phalombe m'Mulanje poyamba.

Msampha wachinayi ndi lamulo la kawerengedwe. Pali njira ziwiri: kuwerenga munthu pamene adagona usiku wa kalembera, kapena kumuwerenga kumene amakhala masiku onse. Kalembera wa 2008 adatulutsa manambala awiri, 13,077,160 mwa njira yoyamba ndi 13,029,498 mwa njira yachiwiri. Kusiyana kwake ndi kochepa pa dziko lonse, koma pa boma limodzi kungakule, makamaka pa amuna. Msodzi wa ku Mangochi amene wakhala milungu iwiri pa doko la ku Salima ndi wa Salima mwa njira yoyamba, ndi wa Mangochi mwa njira yachiwiri. Mutu wa ndandanda, kapena mawu aang'ono a pansi pake, ndiwo anena njira imene idatsatidwa, ndipo ndandanda ziwiri za njira zosiyana siziyenera kusakanizidwa.

Dongosolo la kuwerenga

Zonsezi zisonkhana m'dongosolo limodzi, limene wophunzira atha kuliyesa pa boma la kwawo. Ayambe ndi mutu wa ndandanda, aone chaka, malo ndi njira ya kawerengedwe. Kenaka atenge amuna ndi akazi a m'boma lake, agawe yekha, naone ngati yankho lake ligwirizana ndi losindikizidwa. Likasiyana kwambiri, ndiye kuti diso lalumphira pa mzere wina, kapena wagawa akazi ndi amuna m'malo mwa amuna ndi akazi. Pa manambala a 2018 kutembenuza kotere kupatsa 106 m'malo mwa 94. Atatero ayerekeze boma lake ndi dziko lonse ndi boma loyandikana nalo. Kusiyana kukakhala kwa 1 kapena kuchepera, asakumangire nkhani. Kukakhala kwa 4 kapena 5, atsegule ndandanda ya misinkhu, naone msinkhu umene amuna asowa. Potsiriza ayang'ane avereji ya khomo, ngati yatsika pamodzi ndi muyeso kapena yayenda payokha.

Wochita zimenezi akadzaima patsogolo pa kalasi ku Thyolo, nalemba 90 pa bolodi, adzakhala ndi funso loti afunse ana: ndi angati mwa iwo amene atate awo adagona kutali usiku wapitawo. Manja okwezedwawo ndiwo amuna khumi amene asowa pa mzere wa boma lawo.